Kutsitsa mkwiyo ndi nyimbo zisanu ndi imodzi: lipoti la ntchito ya milungu khumi

Lipoti ili likufotokoza za bambo wina wa zaka 34 amene ndinagwira naye ntchito ya uphungu kwa milungu khumi, kamodzi pa mlungu, ndipo chida chachikulu chimene tinagwiritsa ntchito chinali mndandanda wa nyimbo zimene mwini wake anasankha, ine ndikungomuthandiza kuzisanja. Dzina lawo ndi zonse zimene zingawadziwikitse ndazibisa, ndipo iwo anavomereza kuti nkhaniyi ilembedwe. Ndaisankha chifukwa mndandanda wathu unalephera kawiri usanayambe kugwira ntchito, ndipo kulephera kuwiriko kunandionetsa bwino lomwe malo amene njira imeneyi imathyokera.

Mmene anafikira kwa ine

Bambowa amagwira ntchito yolongedza ndi kuwerengera katundu m'nyumba yosungiramo zinthu, ali pa banja ndipo ali ndi ana awiri aang'ono. Anabwera atakakamizidwa ndi akazi awo, pambuyo poti tsiku lina madzulo anamenya chitseko cha kuchipinda ndi chibakera mpaka kuthyola thabwa ndi kutupitsa dzanja, mwana wawo wamkulu akuona. Chimene chinayambitsa chinali chaching'ono, mwanayo anali atataya madzi pansi, koma gwero lenileni linali kuntchito, kumene wowayang'anira anali ndi chizolowezi chowadzudzula mokweza pamaso pa anzawo. Kuntchitoko sankayankha chifukwa choopa kuchotsedwa, moti ankameza mawu tsiku lonse, ndipo mkwiyo umene ankausunga kuyambira masana unkakaphulikira kunyumba kumene kunalibe woopedwa. Mwa mawu awoawo anati: "Ndikamafika pakhomo ndimakhala nditadzaza kale, chimangofunika ndi dontho limodzi."

Tisanakambe za nyimbo, ndinayenera kudziwa ngati panyumbapo panali chitetezo. Ndinawafunsa iwo, ndipo ndi chilolezo chawo ndinafunsanso akazi awo paokha, ngati dzanja linafikapo pa munthu, ngati panali kuopseza, ngati mowa unkalowererapo, komanso ngati anaganizapo zodzipweteka. Mayankho a awiriwa anagwirizana: kukalipa kunalipo kwambiri, kumenya zinthu kunachitika katatu m'miyezi isanu ndi umodzi, koma munthu sanamenyedwepo, ndipo mowa ankamwa mwa apo ndi apo. Kukanakhala kuti mkazi kapena mwana akumenyedwa, ntchito yoyamba ikanakhala yoteteza iwowo, ndipo za nyimbozi ndikanaziika pambali, chifukwa mndandanda wa nyimbo si mankhwala a nkhanza za m'banja.

Nyimbo zinalowa m'nkhaniyi chifukwa bambowa anali atayamba kale kuzigwiritsa ntchito okha. Akakwiya ankavala mahedifoni n'kumvera nyimbo zothamanga, za ng'oma zolemera ndi mawu okuwa, ndipo anandiuza mwamanyazi ngati munthu amene akuulula tchimo, popeza akazi awo ankakhulupirira kuti nyimbo zimenezo ndi zimene zimawawonjezera ukali. Anali atayesapo nyimbo zofatsa monga mmene anthu ankawalangizira, koma anati zinkawanyansa, zinkamveka ngati munthu amene akukuuza kuti ukhazike mtima pansi pamene iwe ukuyaka.

Maziko a njira imene ndinatsata

Zimene ananena za nyimbo zofatsazo si zachilendo kwa ife amene timagwiritsa ntchito nyimbo pothandiza anthu. M'zaka za m'ma 1940, dokotala wa matenda a maganizo Ira Altshuler, amene ankagwira ntchito ku Michigan m'dziko la America, anafotokoza mfundo imene mpaka lero imatchedwa iso, liwu lachigiriki lotanthauza kufanana. Mfundoyo imati nyimbo yoyamba iyenera kufanana ndi mmene munthuyo alili panthawiyo, m'liwiro ndi m'mphamvu, kuti aigwire ndi kuitsatira, ndipo pokhapokha ataigwira m'pamene nyimbo zotsatira zingayambe kumusuntha pang'onopang'ono kupita kumene tikufuna. Munthu amene akuthamanga sangamve wina amene wakhala pansi patali, koma wothamanga naye limodzi akayamba kuchepetsa liwiro, nayenso amachepetsa asakudziwa.

Mantha a mayi aja, oti nyimbo zaukali zimabala ukali, ndinawatenga mozama, ndipo ndinawayankha ndi kafukufuku awiri amene akaikidwa pamodzi amaonetsa malire a nkhaniyi. Mu 2015, Leah Sharman ndi Genevieve Dingle a ku yunivesite ya Queensland ku Australia anatenga anthu 39 okonda nyimbo zaphokoso kwambiri za magitala amagetsi, anawakumbutsa zinthu zowakwiyitsa, kenako ena anamvera nyimbo zodzisankhira kwa mphindi 10 pamene ena anakhala chete. Nyimbozo sizinawonjezere mkwiyo, kugunda kwa mtima kumene kunali kutakwera sikunapitirire kukwera, ndipo omverawo ananena kuti akumva nyonga ndi chilimbikitso. Koma mu 2002, Brad Bushman anali ataonetsa mbali ina: pa ophunzira 600 amene anakwiyitsidwa dala, amene anauzidwa kuti amenye thumba la nkhonya akuganizira munthu amene wawalakwira anatuluka okwiya kwambiri ndi aukali kuposa amene anangokhala pansi osachita kanthu. Ndinawafotokozera bambowa kuti choopsa chachikulu si phokoso la nyimbo ayi, koma kubwereza nkhani ya chokulakwira m'mutu thupi lili lotentha, ndipo kuti mawu oti "kutulutsa mkwiyo" amasocheretsa ngati munthu akuganiza kuti mkwiyo uli ngati madzi a m'chidebe amene amatha ukawakhuthula. Mkwiyo umatha thupi likazizira, ndipo ntchito ya nyimbo yaukali ndi kungomugwira munthu dzanja kuti avomere kuyamba ulendo wotsika.

Kuyeza ndi kusanja

Pa mlungu wachiwiri ndinawaphunzitsa kuyeza zinthu zitatu. Choyamba chinali kugunda kwa mtima, kumene amayeza poika zala ziwiri pa mtsempha wa pamkono, kuwerenga kwa masekondi 15 ndi kuchulukitsa kanayi. Atakhala phee m'chipinda changa, mtima wawo unkagunda ka 72 mpaka 76 pa mphindi, ndipo atafotokoza kwa mphindi zisanu zokha zimene wowayang'anira anawanena dzulo lake, unapitirira 100. Chachiwiri chinali kudzipatsa nambala ya mkwiyo kuyambira 0 mpaka 10, ndipo kuti nambalayo isakhale yongopeka tinaimangirira ku zizindikiro za m'thupi mwawo: pa 4 nsagwada zimayamba kulimba, pa 6 zala zimapindika zokha ndipo makutu amatentha, pa 8 samvanso zimene wina akunena. Chachitatu chinali liwiro la nyimbo, limene amayeza chimodzimodzi, kugogoda chala pa bondo motsatira ng'oma kwa masekondi 15 ndi kuchulukitsa kanayi.

Pa kuyeza liwiroku pali msampha umene ambiri amagweramo. Nyimbo imodzi yomweyo wina angaiwerenge 76 pamene wina aiwerenga 152, malinga ndi ng'oma imene khutu lake latsatira, choncho ndinawauza kuti aziwerenga kugunda kumene mutu wawo umagwedezera wokha, osati kumene akuganiza kuti n'kolondola. Komanso liwiro palokha silinena zonse, chifukwa nyimbo ikhoza kukhala yochedwa koma yolemera, ya besi wogwedeza chifuwa ndi woimba wokuwa, ndipo nyimbo yotere m'thupi imagwira ntchito ngati yothamanga. N'chifukwa chake pambali pa nambala ya liwiro tinkalembanso ngati woimbayo akukuwa, akulankhula mwamphamvu, kapena akuimba mizere yaitali, ndiponso ngati zoimbira zake n'zothithikana kapena zili ndi mipata.

Anabweretsa nyimbo 22 za m'foni mwawo, zonse zozidziwa bwino. Sindisankhira munthu nyimbo, ndipo ndimaona kuti akatswiri anzanga amene amapereka mndandanda umodzi kwa aliyense amataya chinthu chofunika kwambiri, popeza nyimbo yachilendo imafuna kuti munthu aitchere khutu n'kuiweruza, ntchito imene munthu wokwiya alibe nayo mpata.

Kulephera koyamba

Mndandanda woyamba unali ndi nyimbo zinayi, ndipo kulakwitsa kwake kunali kwanga. Nyimbo ziwiri zoyamba zinali za liwiro la 156 ndi 148, kenako ndinalola kuti yachitatu ikhale ya 84 ndi yachinayi ya pafupifupi 70, poganiza kuti mphindi zisanu ndi zitatu za nyimbo zaukali zikwanira kuti thupi litope. Atabweranso mlungu wotsatira anandionetsa pepala lawo: anayesa katatu, ndipo katatu konse anavula mahedifoni nyimbo yachitatu itangoyamba. Tsiku lina anayamba ali pa 7, atatha nyimbo ziwiri anali pa 7 pomwepo, ndipo nyimbo yofatsa ija italowa anakwera kufika pa 8. Anati zinali ngati munthu wakugwira pakamwa uli pakati pa kulankhula.

Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta kuchiona ngati munthu akulemba: amadumpha nyimbo kapena kuzimitsa pa malo omwewo nthawi zonse. Malo amenewo ndi pamene sitepe yatalika kwambiri. Kuchoka pa 148 kupita pa 84 ndi kutsika ndi 64 nthawi imodzi, ndipo pamodzi ndi liwirolo tinali titachotsanso ng'oma, besi ndi mawu amphamvu, zonse pakamodzi. Pa ntchito yanga ndimaona kuti kutsika ndi 15 kapena 20 pa nyimbo iliyonse ndiko kumene anthu ambiri amatsatira osazindikira kuti akusunthidwa, ndipo ndi bwino kusintha chinthu chimodzi chachikulu pa sitepe iliyonse, ngati liwiro latsika kwambiri ndiye kuti kulemera kwa ng'oma kukhalepobe, ngati woimba wasiya kukuwa ndiye kuti liwiro lisatsike kwambiri.

Tinakonza mndandanda wachiwiri wa nyimbo zisanu ndi imodzi, za liwiro la 156, 140, 124, 108, 92 ndi 76, zonse pamodzi pafupifupi mphindi 24.

Kulephera kwachiwiri

Vuto lachiwiri linali lobisika, ndipo linanditengera milungu iwiri kuti ndilione. Pa mlungu wachinayi pepala lawo linaonetsa masiku awiri abwino, pamene anatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3, koma linaonetsanso tsiku limodzi pamene anamvera kwa theka la ola ndipo anafika kunyumba ali pa 8, anakalipira ana ndi kuponya mpando. Iwo ankati mwina tsikulo linali loipa basi. Pa mlungu wachisanu zinachitikanso, ndipo apa ndinawapempha kuti andifotokozere mphindi ndi mphindi zimene anachita kuyambira pamene anavala mahedifoni.

Zinapezeka kuti pa masiku amene wowayang'anira anawanyoza kwambiri, sankapitirira nyimbo yoyamba. Ikatha ankaibwezera, mpaka kanayi kapena kasanu, chifukwa ankamva kuti mkwiyo sunathe ndipo si bwino kupita patsogolo usanathe. Ndinawapempha kuti tiimvere limodzi, ndipo ndinawayang'ana pamene inkaimba. Pa kolasi, pamene woimba amalankhula kwa mdani wake mwachindunji n'kumulonjeza kuti tsiku lobwezera likubwera, milomo ya bambowa inkayenda, chala chawo chakumanja chinkaloza pansi ngati akulozera munthu, ndipo maso anali atayang'ana malo amodzi pakhoma. Nditawafunsa kuti akuona ndani, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Mukumudziwa kale." Mtima wawo panthawiyo unali pafupifupi pa 110, kuposa mmene unalili pamene ankafotokoza nkhaniyo ndi pakamwa.

Apa nyimbo inali itasanduka thumba la nkhonya la kafukufuku uja. Mawu ake anali ndi "iwe" amene bambowa ankamuveka nkhope ya wowayang'anira, ndipo kubwereza kulikonse kwa nyimboyo kunali kubwereza mlandu, ndi kuyeserera mayankho amene sanathe kuwanena masana. Munthu amene ali mu mkhalidwe umenewu amamva kukoma, amamva ngati akupeza mphamvu, ndiye chifukwa chake sazindikira kuti akuwonjezera nkhuni pamoto. Kusiyanitsa nyimbo imene ikugwira munthu ndi imene ikumukoleza sikutheka pongomva phokoso lake. Funso limene ndimafunsa ndi lakuti: nyimbo ili mkati, maganizo ali pa chiyani? Ngati ali pa ng'oma, pa gitala, pa kugwedezeka kwa thupi, nyimboyo ikugwira ntchito yake. Ngati ali pa nkhope ya munthu, pa zimene ndikanamuyankha ndi zimene ndidzamuchite, nyimboyo ichotsedwe pamndandanda ngakhale itakhala yokondedwa chotani.

Sitinafewetse nyimbo yoyamba, ndipo ichi ndikufuna chimveke, popeza ambiri akaona vuto lotere amathamangira kuchotsa nyimbo zonse zaukali, n'kubwerera ku kulephera koyamba kuja. Tinafuna ina ya mphamvu yofanana, ya liwiro la 152, ya ng'oma zothithikana, koma imene mawu ake amanena za kutopa ndi kupanikizika kwa woimbayo mwini wake, opanda mdani wolozedwa chala ndi opanda lonjezo la kubwezera. Bambowa anadandaula kuti siikoma ngati yoyamba ija, ndipo ndinavomereza kuti n'zoona. Tinagwirizananso malamulo awiri okhudza foni: batani lobwereza nyimbo ndi losakaniza nyimbo akhale ozimitsa, ndipo akangoyambitsa mndandanda foni ilowe m'thumba osaigwiranso mpaka kumapeto. Ndinawafotokozera kuti sayenera kudikira kuti mkwiyo uthe asanachoke pa nyimbo yoyamba, chifukwa pa nyimbo yoyamba mkwiyo sutha ndipo suyenera kutha, umathera pa nyimbo zapakati.

Mndandanda umene unagwira ntchito

Kuyambira mlungu wachisanu ndi chimodzi, ndondomeko inali motere. Akaweruka, asanalowe m'nyumba, ankayenda pansi pa malo opanda magalimoto, chifukwa kuvala mahedifoni pamsewu uli wokwiya n'kudziika pangozi, ndipo kumvera nyimbo ziwiri zoyambazo ukuyendetsa galimoto ndinawaletseratu. Pa nyimbo yoyamba ndi yachiwiri, za 152 ndi 140, ankayenda mofulumira mmene thupi likufunira, akufinya zibakera pa vesi ndi kuzitambasula pa kolasi, maganizo ali pa ng'oma. Sankamenya chinthu chilichonse. Nyimbo yachiwiriyo inali yolemera ngati yoyamba, koma woimba wake sankakuwa, ankalankhula mwamphamvu.

Nyimbo yachitatu, ya 124, ndi imene inali msana wa mndandanda wonse, ndipo tinaisintha kawiri tisanapeze yoyenera. Liwiro limeneli lili pafupi ndi mayendedwe a munthu amene akuyenda mwachangu, kotero kuti apa mapazi awo ankayamba kugwera pamodzi ndi ng'oma, ndipo mapazi akangogwirizana ndi nyimbo, nyimbo yotsatira ikatsika nawonso amatsika. Inali nyimbo yamphamvu ndithu koma yosakwiya, ya munthu amene akupirira, ndipo bambowa anati apa ndi pamene ankayamba kuona zinthu zowazungulira, mitengo ndi anthu odutsa, zimene pa nyimbo ziwiri zoyamba sankaziona n'komwe.

Pa nyimbo yachinayi ndi yachisanu, za 108 ndi 92, ndinawapempha kuti aziimba nawo motsitsa mawu kapena kung'ung'udza. Chifukwa chake n'cha m'thupi. Mtima sutsatira ng'oma kugunda ndi kugunda monga mmene ena amanenera, moti nyimbo ya 76 siikakamiza mtima kugunda ka 76. Chimene munthu angachigwire mwachindunji ndi mpweya, ndipo mtima umachepetsa liwiro pang'ono nthawi iliyonse imene munthu akutulutsa mpweya. Woimba mzere wautali amakoka mpweya mwachidule n'kuutulutsa kwa nthawi yaitali, ndiye kuti akuchita zomwezo zimene timaphunzitsa pa masewero a kapumidwe, koma popanda kuwerenga manambala, chinthu chimene bambowa ankadana nacho. Pachifukwa chimenechi nyimbo ziwirizi tinazisankha poyang'ana kutalika kwa mizere yake, kuti mzere umodzi uzitenga masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi a mpweya umodzi.

Pa nyimbo yachisanu panatuluka chinthu chimene ndimachiyembekezera koma iwo sankachiyembekezera. Tsiku lina anapezeka akugwetsa misozi ali chiyendere, ndipo anabwera ali ndi nkhawa kuti mwina njirayi ikuwafooketsa. Titakambirana zinaoneka kuti pansi pa mkwiyo panali manyazi, manyazi a munthu wamkulu amene amakalipiridwa ngati mwana anzake akuona, ndipo mkwiyo utatsika manyaziwo anaonekera. Ndinawauza kuti ichi ndi chizindikiro choti mndandanda ukuyenda, koma ndinayang'anitsitsanso nyimbo yomaliza, chifukwa pali ngozi ina kumapetoko: kumutsitsa munthu kuchoka mu mkwiyo n'kukamusiya m'chisoni. Nyimbo ya 76 imene tinali nayo inali ya kulira maliro a chikondi, ndipo tinaichotsa n'kuika ina ya liwiro lomwelo, ya zoimbira zochepa ndi mawu otentha bwino, imene inkawakumbutsa nthawi imene mwana wawo woyamba anali wakhanda.

Nyimbo yomaliza ikatha ankazimitsa zonse n'kukhala chete, ataima kapena atakhala pansi, kwa mphindi ziwiri, kenako n'kuyeza mtima ndi kulemba nambala. Mphindi ziwirizi si zokongoletsa. Mu 2006, Luciano Bernardi ndi anzake anayeza mtima, mpweya ndi kuthamanga kwa magazi kwa anthu amene ankamvera nyimbo za liwiro losiyanasiyana, ndipo anapeza kuti nyimbo zothamanga zinkakweza zonsezi, pamene kanthawi ka chete ka mphindi ziwiri kamene anakaika pakati pa nyimbo kankazitsitsa mpaka kupitirira pamene zinali asanayambe kumvera. Bambowa poyamba ankakadumpha kanthawi kameneka poona ngati kutaya nthawi, koma pepala lawo lomwe linawatsutsa, popeza masiku amene anakhala chete nambala yomaliza inkakhala yotsikirapo ndi imodzi.

Za kukweza mawu ndinangowauza mwachidule. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80, womwe ndi muyeso wa kukula kwa phokoso, kwa maola 40 pa mlungu, ndipo phokoso likakwera nthawi yololedwa imachepa msanga. Munthu wokwiya amakweza mpaka pamapeto. Tinagwirizana kuti nyimbo yoyamba isapitirire magawo asanu ndi limodzi mwa khumi a mphamvu ya mawu a foni, ndipo ngati makutu akulira akavula mahedifoni ndiye kuti anakweza mopitirira.

Zotsatira ndi malire ake

M'milungu isanu yomaliza anagwiritsa ntchito mndandandawu ka 17. Pa maulendo 13 anayamba ali pa 6 kapena 7 ndipo anamaliza ali pa 2 kapena 3, mtima ukutsika kuchoka pa 100 kapena kupitirirapo kufika pakati pa 78 ndi 84 pambuyo pa kanthawi ka chete. Ndiyenera kunena kuti kuyenda kokhako komanso kudutsa kwa theka la ola kumatsitsa mkwiyo ngakhale popanda nyimbo, choncho manambalawa sangaperekedwe onse kwa nyimbo. Chimene nyimbo zinachita, monga ndinaonera, ndi kuwapatsa chifukwa chokhalira panja kwa theka la ola lathunthu ndi kutsekera maganizo awo njira yobwerera ku mlandu wa masana.

Maulendo anayi otsalawo ndi amene amaonetsa malire. Kawiri anayamba ali pa 9, ndipo anavula mahedifoni nyimbo yoyamba isanathe, zimene zinatiphunzitsa kuti njirayi ili ndi khomo lake, pakati pa 5 ndi 7, ndipo munthu akafika pa 8 kapena 9 chofunika ndi kungochoka pamalopo ndi kuyenda kaye wopanda chilichonse m'makutu mpaka atatsika. Kamodzi anali atamwa mowa, ndipo anabwerera ku nyimbo yakale ija ya kubwezera, imene anali asanaifafanize m'foni. Kamodzi mkangano unayambira m'nyumba momwemo, iwo anatenga mahedifoni n'kutuluka osanena kanthu, ndipo akazi awo anamva kuti athawidwa pakati pa nkhani, moti atabwerera anapeza mkangano utakula kuposa mmene anausiyira. Pa ichi tinakumana atatu, ndipo awiriwo anagwirizana kuti bambo azinena mawu amodzi asanatuluke, akuti "ndikukatsika kaye, ndibwera pakatha theka la ola tidzapitirize", ndipo kuti akabwera nkhaniyo izikambidwadi. Mayiwo ananena poyera kuti akalephera kubwerera ku nkhaniyo kawiri, iwo sadzakhulupiriranso mawuwo.

Nyimbo sizinasinthe wowayang'anira uja. Milungu itatu yomaliza tinathera nthawi yochuluka pa zimene angachite kuntchito: kulemba masiku ndi mawu amene ananenedwa, kupempha kukumana naye paokha, ndi kuyeserera chiganizo chimodzi chodekha chomuuza kuti akalakwitsa awadzudzule pambali. Anachinena pa mlungu wachisanu ndi chinayi, mawu akunjenjemera, ndipo anandiuza kuti m'mawa wa tsikulo anamvera nyimbo zitatu zomaliza zokha, kuyambira pa ya 108, chifukwa chimene anali nacho sunali mkwiyo koma mantha.

Potsekera pa mlungu wakhumi panali patatha milungu isanu asanamenye kapena kuponya chinthu, ngakhale kukalipa kunachitikabe kawiri. Tinagwirizana kuti mndandandawu asaumvere pa nthawi zina ngati zosangalatsa, kuti thupi lipitirize kuuzindikira ngati njira yotsikira, ndiponso kuti nyimbo iliyonse imene yayamba kuwatopetsa aisinthe ndi ina ya liwiro ndi kulemera kofanana, imodzi pa nthawi, osasintha malo ake. Nyimbo yakale ija anaichotsa m'foni ali m'chipinda changa. Tinapangana kudzaonananso pakatha miyezi itatu, atabweretsa pepala lawo la manambala, ndipo akazi awo anapatsidwa ufulu wondiimbira nthawi isanakwane ngati chinthu chingaswekenso panyumbapo.